Kodi Mawu Akuti "Kumva" Ali ndi Matanthauzo Angati?

Aphunzitsi ambiri a sukulu za akuluakulu kuno ku Ulongwe ali ndi kakope kamene amalembamo mawu ovuta ndi matanthauzo ake, kuti ophunzira azionamo akamawerenga paokha. Kakope kotere ndi mtanthauziramawu ndithu, kungoti ndi wamng'ono. Tsono aliyense wolemba kakope kotere amakumana ndi vuto lomwe alembi a mabuku akuluakulu amakumana nalo: mawu amodzi akamagwira ntchito zingapo, kodi tilembe tanthauzo limodzi lalikulu, kapena tigawe n'kuika manambala? Pankhaniyi alembi anagawikana kalekale. Ena ndi ophatikiza, amene amamanga zonse mtolo umodzi. Ena ndi ogawa, amene amamasula mtolowo n'kuyala nkhuni imodziimodzi. Ife tikufuna kuweruza mlanduwu pogwiritsa ntchito mneni mmodzi yekha, "kumva", ndi kuona m'mene mabuku amene tili nawo amatithandizira kapena kutisokeretsa.

Tiyambe tachotsa nkhani ina imene imasokoneza. Pali mawu amene amangofanana malembedwe koma si pachibale. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa mbatata pamsika wa Ulongwe timazilemba chimodzimodzi, koma tatchulani bwino mumve: pa mtengo womera liwu limakwera pa "te", pa mtengo wogulira silikwera. Awa ndi mawu awiri osiyana, ndipo ayenera kukhala ndi mitu iwiri m'buku. Apa palibe mkangano. Mkangano uli pa mawu onga "mwezi", wowala usiku ndi wowerengera masiku, pamene aliyense akuona kuti tanthauzo lina linabadwa mwa linzake. Mawuwo ndi amodzi, koma ali ndi nthambi. Funso ndi lakuti nthambizo n'zingati, ndipo tidule pati.

Mabuku amene tili nawo

M'chaka cha 1892 David Clement Scott, wa mishoni ya Blantyre, anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja, umene Alexander Hetherwick anaukonzanso ndi kuukulitsa mu 1929. Scott ankakonda kufunafuna ganizo la pansi limene limagwirizanitsa ntchito zonse za mawu, kenaka n'kulongosola mwa nkhani, ndi zitsanzo ndi miyambo yomwe. Mtima wake unali wa wophatikiza. Ubwino wake ndi wakuti wowerenga amaona chinenero monga eni ake amachionera, chinthu chimodzi chogwirana. Kuipa kwake ndi kwakuti munthu wofulumira, amene wakumana ndi mawu pakapepala ka kuchipatala, alibe nthawi yowerenga nkhani yonse kuti apeze kachigawo kamene akufuna. Ndiponso mlembi wokonda ganizo la pansi amakhala pa chiyeso cholipeza ngakhale pamene palibe, mpaka kukwatitsa mawu amene sadziwana.

Kuno kwathu buku limene akuluakulu ena akali kulikumbuka ndi Dicionário Cinyanja-Português, lolembedwa ndi ansembe a Chijezuwiti, lomwe linasindikizidwa ku Lisboa mu 1963. Buku la zinenero ziwiri lotere, kaya walemba ndani, limakokedwa kukhala logawa. Chifukwa chake n'chosavuta: ntchito yake ndi kupatsa wowerenga mawu a chinenero chinacho, ndiye paliponse pamene Chipwitikizi chasintha mawu, mlembi naye ayenera kudula. Mpeni uli m'manja mwa mlendo.

Taonani m'mene zimakhalira ndi "kumva". Chipwitikizi chili ndi mneni wa khutu, wina wa thupi amene amathanso kunyamula fungo ndi kukoma, wina wa nzeru, ndi wina wa kutsata lamulo. Chingerezi chimadula kwambiri: khutu, thupi, mphuno, lilime, nzeru ndi lamulo, chilichonse ndi mneni wakewake. Ndiye kuti mlembi wa ku Ulongwe womasulira m'Chipwitikizi apeza matanthauzo ngati anayi, pamene mnzake wa ku Dedza, kungodumpha malire, womasulira m'Chingerezi apeza asanu ndi limodzi. Koma mayi wa ku Domwe ndi mayi wa ku Dedza akamati "ndamva" amanena chinthu chomwecho. Eti matanthauzo angachuluke chifukwa cha chidindo cha pa malire? Ayi. Chimene chawerengedwa apo si matanthauzo a Chinyanja, koma mawu a alendo.

M'chaka cha 2000 a Centre for Language Studies a ku Yunivesite ya Malawi anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womasulira Chinyanja m'Chinyanja chomwecho. Buku la mtundu umenewu ndilo lifanana ndi kakope kanu. Mulibe mlendo wotiuza podula. Mlembi ayenera kupeza yekha malire kuchokera m'kalankhulidwe ka eni chinenero, ndipo apa m'pamene ntchito yeniyeni imayambira.

Mlandu wa ogawa ndi wa ophatikiza

Tiyeni tiyale ziganizo zimene aliyense wa ife amalankhula:

1. Ndamva belu.
2. Ndamva kuti malume afika.
3. Ndikumva fungo la utsi.
4. Ndiwozi sindikumva mchere.
5. Ndikumva njala.
6. Ndamva chisoni.
7. Chingoni sindimva.
8. Mwana uyu samva, ndamuletsa katatu.
9. Malungo awa sakumva mankhwala.

Wogawa weniweni aika manambala asanu ndi anayi monga momwe tayalira apamu. Iye akuti: khutu si mphuno, mphuno si lilime, ndipo malungo alibe makutu. Wowerenga apeze msanga chimene akufuna. Wophatikiza weniweni alemba mzere umodzi: kumva ndiko kulandira chinthu chimene chakufika n'kukukhudza, osati ndi maso. Iye akuti zonsezi ndi chinthu chimodzi, ndipo chimene chikusintha si mneniyo koma mawu oyandikana naye. Fungo lili m'mawu akuti "fungo", njala ili m'mawu akuti "njala". Mneni sanasunthe.

Wophatikiza ali ndi umboni wolimba kuposa m'mene ambiri amaganizira. Chinyanja chili ndi aneni osiyana pamene munthu akuchita dala: kumvetsera, kununkhiza, kulawa, kukhudza. Koma pamene chinthu chingomufika munthu, chinenero chimagawa pawiri basi: za maso ndi kuona, zotsala zonse ndi kumva. Ndipo si ife tokha. Chizulu, chimene ndi chibale cha Chingoni cha makolo a ambiri kuno ku Angonia, chili ndi mneni mmodzi wa khutu, thupi, kukoma ndi nzeru, ndipo Chishona chimateronso. Ndiye wogawa akamalekanitsa mphuno ndi lilime, akuononga chinthu chimene chinenero chinamanga dala.

Koma wogawa nayenso ali ndi umboni, ndipo wake ndi wokhudza moyo. Tatengani chiganizo chakuti "mwana uyu samva". Chingatanthauze kuti mwanayo makutu ake sagwira ntchito, kapena kuti ndi nkhutukumve. Kholo likanena tanthauzo loyamba, mphunzitsi n'kutenga lachiwiri, mwana wofunika kupita kuchipatala alandira chikwapu. Tatenganinso wophunzira wathu amene wangodziwa kuwerenga, waona pa khoma la chipatala mawu akuti "chifuwa chachikulu chosamva mankhwala". Akatsegula kakope n'kupeza mzere umodzi wa wophatikiza uja, wa kulandira chinthu chimene chakufika, kodi wathandizidwa? Sanathandizidwe. Iye afunika kuuzidwa mosabisa kuti apa akunena matenda amene mankhwala a masiku onse akulephera kuwagonjetsa. Tanthauzo lalikulu kwambiri limakhala loona pa zonse koma losathandiza pa chilichonse.

Mkangano umenewu si wa kuno kokha. Mayina awiriwa anamveka kale pakati pa akatswiri a zomera ndi nyama, pokangana kuti mitundu ndi ingati. Charles Darwin, polembera kalata mnzake Joseph Hooker mu 1857, anati ndi bwino kuti magulu onse awiri akhalepo. Ku mbali ya mawu, mtanthauziramawu wamkulu wa Chingerezi wa ku Oxford, atakonzanso mneni wao wa kuthamanga mu 2011, anamupatsa matanthauzo 645, pamene kabuku ka ana a sukulu kamangopereka ochepa chabe. Palibe amene wanama. Katswiri wina, Adam Kilgarriff, analemba mu 1997 kuti matanthauzo si zinthu zokhala kale zowerengeka m'kati mwa mawu, koma ndi magulu amene timapanga poona m'mene mawu agwirira ntchito, malinga ndi chimene tikufuna kuchita nawo. Ife tikuvomereza, koma tikuonjeza kuti izi sizikupereka ufulu wodula paliponse. Nyama ili ndi mfundo zake, ndipo wodziwa kusenda amadula pa mfundo. Pali njira zitatu zopezera mfundozo, ndipo zonse mungaziyese m'kalasi popanda buku.

Muyeso woyamba: kumanga pamodzi

Tengani ntchito ziwiri za mawu, muzimange pa mneni mmodzi ndi kamawu kakuti "ndi". Chiganizo chikamveka bwino, tanthauzo ndi limodzi. Anthu akaseka, mwapeza malire. "Ndikumva njala ndi ludzu" palibe amene angadabwe. "Ndikumva kuzizira ndi njala" chimodzimodzi. "Ndamva fungo ndi kukoma kwa ndiwo" chikuyenda. Ndiye kuti ziganizo 3, 4 ndi 5 zingathe kukhala m'nyumba imodzi, ndipo apa wophatikiza wapambana. Koma tanenani kuti "Ndamva belu ndi njala". Kalasi yonse iseka, chifukwa mneni wakakamizidwa kunyamula akatundu awiri nthawi imodzi. Nanga "Mwanayu samva Chingoni ndi makolo ake"? Aaa, apa ndiye zasokonekera. Malire alipo.

Muyesowu uli ndi polekezera pake. Nthawi zina chosekereracho chimachokera pa kutalikirana kwa zinthu zimene tamanga, osati pa mneni. Munthu wofotokoza za nyumba imene inapsa usiku angathe kunena kuti "Ndinamva fungo la utsi ndi kulira kwa ana", ndipo palibe woseka. Apa mphuno ndi khutu zakhalira pamodzi mwamtendere. Choncho musaweruze ndi chiganizo chimodzi. Yesani zitatu kapena zinayi, ndipo mukaona kuti zina zikuyenda zina zikukana, dziwani kuti malirewo alipo koma ndi ofewa, ngati mzere wa pakati pa minda ya pachibale.

Muyeso wachiwiri: kuvomera ndi kukana

Yesani kuvomera ndi kukana mawu omwewo m'chiganizo chimodzi. Ngati chikumveka, matanthauzo ndi awiri. "Wamva, koma sanamve." Aliyense akudziwa chimene tikunena: mawu analowa m'khutu koma mutu sunagwire. Ndiye kuti khutu ndi nzeru n'zosiyana. "Wamva bwino lomwe zimene ndanena, koma mwana ameneyu samva." Apanso zikumveka: mutu wagwira, koma mtima wakana. Ndiye kuti nzeru ndi kutsata n'zosiyananso. Tsono yesani kuti "Ndikumva njala koma sindikumva njala". Palibe chomveka, ndi kudzitsutsa chabe.

Makolo anaudziwa kale muyeso umenewu. Amati munthu wosamva adzamva nkhwangwa ili m'mutu. Mawuwa amaluma chifukwa "kumva" koyamba ndi kwa kutsata malangizo, pamene kwachiwiri ndi kwa ululu wa thupi, kumene kwabwera ndi kuzindikira mochedwa. Chikhala kuti matanthauzo sanali osiyana, mwambiwo sukanakhala ndi mano. Komanso chikhala kuti sanali a mawu amodzi, sukanamangika n'komwe. Mwambi umodzi womwewo ukuchitira umboni ogawa ndi ophatikiza omwe.

Muyeso wachitatu: ana a mawu

Aneni athu amabala ana, ndipo mwana aliyense amatsata nthambi yake. "Kumvetsa" ndi "kumvetsetsa" amatsata nzeru. "Kumvana" amatsata nzeru ndi kugwirizana: anthu amamvana pa nkhani, koma sitinamvepo anthu akumvana njala. "Kumvetsera" amatsata khutu. Pamene nthambi ili ndi ana akeake, ndiye kuti yakhwima, ndipo iyenera nambala yake.

Apanso chenjerani, chifukwa ana ena amayenda nyumba zingapo. "Kumvera" ndi kutsata lamulo, komanso timamvera wailesi, komanso timamvera munthu chisoni. "Kumveka" amagwira pa mawu, pa fungo, pa nkhani yolongosoka, ngakhale pa munthu wotchuka. Ana otere sangatithandize kudula, koma amatikumbutsa kuti nthambi zonse zili pa thunthu limodzi. Iwonso afunika mitu yaoyao m'kakope, osati kuwapanikiza pansi pa kholo lao.

Chigamulo chathu

Tikaika miyeso itatuyi pamodzi, ziganizo zisanu ndi zinayi zija zikugwera m'magulu anayi. Ife tikanalemba motere:

kumva: kufikidwa ndi chinthu n'kuchizindikira, osati ndi maso.
1. Ndi khutu. Ndamva belu. Ndiponso kuuzidwa nkhani: Ndamva kuti malume afika.
2. M'thupi, monga fungo, kukoma, njala, ululu. Ndikumva njala. Ndiponso mumtima: Ndamva chisoni.
3. Kugwira ndi mutu chimene chanenedwa. Chingoni sindimva.
4. Kutsata chimene wauzidwa. Mwana uyu samva. Ndiponso pa matenda, kugonja ku mankhwala: Malungo awa sakumva mankhwala.

Mzere wa pamwamba ndi mphatso ya wophatikiza. Manambala ndi mphatso ya wogawa. Kamawu kakuti "ndiponso" ndi malo a malire ofewa aja. Wina aona kuti anayi athuwa akufanana ndi anayi a Chipwitikizi. Zangochitika pa mneni uyu, ndipo kusiyana kwake ndi kwakuti ife tafika pamenepa ndi umboni wa Chinyanja. Pa mawu ena, monga "kudya" kapena "kugwira", chiwerengero chathu ndi cha alendo zidzasiyana.

Pali malo awiri pamene munthu angatitsutse, ndipo sitikubisa. Oyamba ndi chisoni. Ena anganene kuti za mumtima zikhale ndi nambala yake. Ife taziika pamodzi ndi thupi chifukwa "Ndinamva ululu ndi chisoni" chimayenda popanda woseka. Achiwiri ndi mankhwala. Tawaika pansi pa kutsata chifukwa chithunzi chake ndi chomwecho: mankhwala alamula, matenda akana, ngati mwana wamwano. Koma ngati kakope kanu ndi ka kalasi imene ikuwerenga timapepala ta zaumoyo, patsani tanthauzoli nambala yakeyake, ndipo mulembe m'mawu osavuta. Apa m'pamene funso lakuti buku ndi la yani limalamula. Mfundo za nyama sizisintha, koma kukula kwa nthuli kumatsata amene akudya.

Mudziwa bwanji kuti mwalakwitsa kudula? Zizindikiro zilipo. Mwagawa mopitirira ngati chitsanzo chimodzi chikukwanira pansi pa manambala awiri ndipo inu eni simukutha kusankha, kapena ngati matanthauzo awiri akungosiyana pa dzina limodzi, uku mphuno uku lilime. Mwaphatikiza mopitirira ngati tanthauzo lanu likukwaniranso mawu ena. Mukalemba kuti kumva ndi "kuzindikira chinthu" basi, ndiye kuti mwamasuliranso kuona, kudziwa ndi kukumbukira. Chizindikiro china ndi kuzungulira: kulemba kuti kumva ndi kumvetsa, pa kumvetsa n'kulemba kuti ndi kumva bwino. Wophunzira apita uku ndi uku ngati mbuzi ya pachingwe, osafika kulikonse. N'chifukwa chake pa nambala 3 talemba "kugwira ndi mutu" m'malo mwa "kumvetsa".

Nkhani yomaliza ndi ya ndondomeko. Mabuku ena amayamba ndi tanthauzo lakale, ena ndi limene limamveka kawirikawiri. Kwa wophunzira wamkulu amene akuwerenga ndi chala, mzere uliwonse ndi ulendo, ndipo ambiri amaima pa nambala yoyamba. Choncho yambani ndi tanthauzo limene akumana nalo kawirikawiri, ndipo chitsanzo chilichonse chikhale choti sichingalowe pa nambala ina. "Ndamva" payekha si chitsanzo, chifukwa chikwanira ponseponse. "Ndamva belu" ndi chitsanzo. Chokhacho cha "mwana uyu samva" tikupempha kuti muchilembe kawiri, pa nambala 1 ndi pa nambala 4, ndi kachenjezo kakuti wakumva mawuwa ayambe wafunsa.

Ndiye pa mlandu wa ogawa ndi ophatikiza, ife sitikupereka mbuzi kwa mmodzi. Buku la Scott litiphunzitse kusunga thunthu, mabuku a zinenero ziwiri atiphunzitse kuti wowerenga amafuna kupeza msanga, koma podula tifunse Chinyanja chenichenicho. Sabata ino tengani mneni "kudya". Uzani ophunzira abweretse ziganizo: kudya nsima, kudya ndalama za gulu, dzimbiri ladya khasu, ndi zina zimene apeze okha. Zilembeni pa bolodi, muziyese ndi miyeso itatu ija, kenaka muwerenge magulu. Makalasi awiri akapeza chiwerengero chosiyana, musathamangire kufunsa kuti walakwa ndani. Funsani kuti ndi chiganizo chiti chimene chinawalekanitsa, ndipo mutitumizire chiganizocho kuno ku nyuzi yathu.